Uthenga wotsimikizira ngongole ya njinga: K50,000 yapita kuti?

Funso: "Abale ndithandizeni. Ndagulitsa njinga yamoto kwa alamu anga, azilipira pang'onopang'ono. Ndawalembera kuti: 'Alamu, monga tinagwirizana, mtengo 1.75, mwapereka 500, zotsala muzipereka 300 pakutha pa mwezi kwa miyezi inayi.' Akazi anga akuti uthengawu ndi wosakwanira. Ndikonze pati?"

Achimwene, mayi akunyumba aona bwino. Tengani foni muwerengetsere. K1,750,000 kuchotsapo K500,000, patsala K1,250,000. Koma K300,000 kanayi ndi K1,200,000. Ndiye K50,000 ili kuti? Mwina inu mumtima mukudziwa kuti idzabwera kumapeto, pomwe alamu anu akuti munawakhululukira chifukwa cha chibale. Ikadzatha miyezi inayiyo aliyense adzatulutsa uthenga womwewu, ndipo palibe amene adzakhale akunama. Musanalembenso chilichonse, ayimbireni mumvane za K50,000 imeneyi. Musangoiponya mu uthenga mwa nokha, angaone ngati mwakweza mtengo mwakabisira.

Mawu oti "pakutha pa mwezi" nawonso ndi msampha. Wolandira malipiro a boma amati mwezi watha ndalama ikalowa ku banki, wakabaza amati watha pa 30 kapena 31, wina amafika nawo mpaka pa 5 mwezi winawo. Komanso simunanene mwezi woyambira. Ngati anapereka 500 ija pa 8 Novembala, gawo loyamba ndi la Novembala yemweyo kapena Disembala? Ine zinandionekerapo ndi furiji yomwe ndinagulitsa kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Ndinalemba kuti "pa 30 mwezi uliwonse", osakumbuka kuti Febuluwale alibe 30. Mayiwo anadumpha mwezi wonse, ndipo nditawafunsa anangoseka n'kundionetsa kalendala ya pakhoma. Kuyambira pamenepo ndimasankha tsiku lomwe lilipo mwezi uliwonse, ndipo ndimalemba dzina la mwezi ndi chaka chomwe.

Tiyerekeze kuti mwamvana kuti K50,000 ija ilowe m'gawo lomaliza, ndipo tsiku ndi la 5. Ine ndikanalemba chonchi:

"Alamu, ndikulemba zomwe tinagwirizana pa njinga ija (nambala yake ndi yakuti) kuti tonse tione ngati zili bwino.
Mtengo wonse: K1,750,000.
Munapereka K500,000 pamanja pa 8 Novembala 2025. Patsala K1,250,000.
5 Disembala 2025: K300,000, padzatsala K950,000.
5 Januwale 2026: K300,000, padzatsala K650,000.
5 Febuluwale 2026: K300,000, padzatsala K350,000.
5 Marichi 2026: K350,000, ngongole yatha.
Palibe chiwongoladzanja. Ndalamazi ndi zomwe zifike kwa ine; yotumizira ndi yanu, yotapira ndi yanga. Bulubuku ikhala ndi ine mpaka gawo lomaliza. Ngati mukuona chimodzimodzi, yankhani kuti 'ndavomera'. Ngati pena palakwika, ndiuzeni tikonze."

Mwaona kuti mzere uliwonse uli ndi ndalama yotsala? Pamenepo ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Alamu anu safunika kukukhulupirirani, angochotsera okha mzere ndi mzere, ndipo mzere womaliza ukapanda kuthera pa ziro onse awiri mudziwa kuti penapake palakwika. Tsiku lina akadzapereka K200,000 m'malo mwa K300,000, simudzayambanso masamu kuchokera pachiyambi. Mudzangolemba kuti "ndalandira K200,000 pa 5 Januwale 2026, patsala K750,000", basi.

Za ndalama yotumizira musazione ngati zazing'ono. Pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kutapa kwa ejenti kumadula ndalama. Wotumiza amati ndatumiza 300 yonse, wolandira amati m'manja mwanga mwafika yosakwana. Kanayi konse, kandalama kameneko kamakwana kuyambanitsa anthu pamaliro. Gawanani mmene mungafunire, bola zilembedwe. Ndipo akatumiza, sungani uthenga wa pafoni uja wokhala ndi nambala ya malipiro, osaufufuta.

Lembaninso ndalama zonse ndi maziro ake. "1.75" ndi "500" ndi chilankhulo cha pamsika, mboni yomwe panalibe singadziwe ngati 500 ndi K500 kapena K500,000.

Chomwe sindinaike dala ndi chilango cha kuchedwa, poti simunanene kuti munakambirana. Uthenga wotsimikizira suyenera kubweretsa mfundo yatsopano. Ngati mukufuna kuti akadumpha miyezi iwiri njinga ibwerere kwa inu, khalani pansi kaye, mumvanenso ngati ndalama zomwe apereka kale zidzabwezedwe kapena ayi, kenako muwonjezere mzere umenewo.

Akayankha kuti "ndavomera", jambulani uthengawo, muulembenso papepala, musaine nonse ndi mboni imodzi ya kuchimuna ndi imodzi ya kuchikazi. Kachala koimika kaja kokha musakalandire, auzeni alembe mawu.