Wadziwa bwanji kuti phunziro linayenda bwino?

"Azakhali, thandizeni. Kumunsi kwa chikonzero cha phunziro kuli malo ounikira phunziro aja. Ine tsiku lililonse ndimangolemba kuti phunziro linayenda bwino, ophunzira anatengapo mbali. Ndiye alekichala atabwera dzulo andilembera ndi cholembera chofiira kuti 'wadziwa bwanji?' Pamenepa pamalembedwa chiyani kwenikweni?"

Eya mwanangu, ndaumva uthenga wako. Enanu pagulu pano mundikhululukire, nditalikitsako pang'ono, chifukwa nkhani iyi ndimaikonda ndipo sindifuna kuti mwanayu azolowere molakwika ntchito isanapite patali.

Alekichalawo sanakuzonde ayi. Tenga chikonzero chako cha dzulocho, uyang'ane pamwamba pomwe unalemba zizindikiro za kakhonzedwe. Unalonjezapo kuti pakutha pa phunziro ophunzira achita chakuti ndi chakuti. Ndiye malo a kumunsiwo ndi oyankhira lonjezo limenelo: achita kapena sanachite, angati, ndipo waona pati. Mawu oti "anatengapo mbali" savuta kulemba, koma ana akhoza kukweza manja, kuimba, kuyankha onse pamodzi mokweza mpaka kalasi yoyandikana nayo kumva, kenaka n'kutuluka asanatolepo kanthu. Zimachitika kwambiri, makamaka tsiku limene iweyo wasangalala ndi mmene wayankhulira.

Ndikuuze za phunziro langa lina la masamu, kuti uone mmene zimakhalira. Linali la kuchotsera mobwereka, manambala a mateni ndi mawani. Chizindikiro cha kakhonzedwe chinali chimodzi chokha, choti ophunzira achotsera nambala ina mu inzake mobwereka. Phunziro linali la mphindi 35. Ndinachita zitsanzo zitatu pa bolodi, ndipo ndikafunsa kuti "tingachotse 8 mu 1?" onse amati "ayiii!", "ndiye titani?" onse "tibwereke!" Mtima wanga unali mbee. Chakumapeto ndinawapatsa samu imodzi yoti aliyense achite yekha m'kope mwake, 41 − 18.

Ana anali opitirira 60, ndipo sindikanatha kuchonga makope onse nthawi yopumulira isanathe. Ndinatenga makope 12 okha, anayi a kutsogolo, anayi a pakati, anayi a kumbuyo. Apa usamale, usatenge a ana okhawo amene amathamangira kudzakuonetsa, chifukwa amenewo nthawi zambiri ndi omwe akhoza kale. Mwa makope 12 aja, anayi okha ndi omwe anapeza 23. Asanu ndi mmodzi analemba 37, ndipo awiri analemba 33.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Ukangolemba kuti "ambiri analephera" sunathandizike, chifukwa 37 ndi 33 ndi matenda awiri osiyana. Wa 37 uja sanabwereke n'komwe. Waona 1 pamwamba, 8 pansi, ndiye wangotembenuza, wachotsa 1 mu 8 n'kupeza 7, kenaka 1 mu 4 n'kupeza 3. Wa 33 uja wabwereka bwinobwino, 11 kuchotsa 8 wapeza 3, koma waiwala kuti mateni aja atsala atatu, wachotsabe 1 mu 4. Wachiwiriyu ali pafupi, akungofunika kumukumbutsa. Woyambayu sanamve chifukwa chimene timabwerekera, ndipo ndi amene anali ambiri.

Nditaona zimenezo ndinadzifunsa funso lachiwiri, lomwe ndi lowawa pang'ono: ine ndachita chiyani kuti ana asanu ndi mmodzi aganize mofanana chonchi? Mwana mmodzi akalakwitsa mwa yekha, mwina anali kusinza. Koma theka la makope likakhala ndi yankho limodzimodzi lolakwika, ndiye kuti pali pomwe alitenga. Ndinakumbukira kuti sabata ya m'mbuyo mwake, tikuchita kuchotsera kosabwereka, ndinkabwereza mawu oti "timachotsa nambala yaing'ono mu yaikulu". Anawo anandimvera ndithu, anagwiritsa ntchito lamulo langa lomwe. Chinanso, chiyambi ndinachikonzera mphindi 5 koma chinadya 14, chifukwa ndinatalikitsa kubwereza za dzulo. Nthawi itandithera ndinadumpha sitepe yachiwiri, ya timitengo, ija yomasula mtolo wa timitengo khumi. Ndiye sitepe yomwe ndinaitaya ndi yomwe ikanawaonetsa ndi maso kuti kubwereka n'kutani.

Zimene ndinalemba kumunsi kuja zinali izi, umvetsere kufupika kwake. "Mwa makope 12 omwe ndachonga, 4 akhoza 41 − 18. Ophunzira 6 apeza 37 chifukwa chochotsa nambala yam'mwamba mu yam'munsi, 2 apeza 33 chifukwa chosachepetsa mateni. Chizindikiro cha kakhonzedwe sichinakwaniritsidwe. Chiyambi chatenga mphindi 14 m'malo mwa 5, choncho sitepe ya timitengo sinachitike, ndipo mafunso anga ambiri amayankhidwa ndi kalasi yonse pamodzi. Mawa ndibwereza phunziroli poyamba ndi timitengo, ndipo sindipitirira ku mahandiredi." Basi. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Uona kuti muli zinthu zitatu: zomwe ana achita, zomwe ine ndachita kuti zitero, ndi zomwe ndisinthe. Mafomu amasiyana, ena amagawa kuti zomwe zayenda bwino, zovuta, ndi zoyenera kuchita, koma zitatu zimenezi zimalowa mulimonse.

Pa zomwe zayenda bwino paja usamasiye popanda kanthu, koma napo utchule chinthu chenicheni. Tsiku limenelo ndinalembapo kuti ana onse 12 anaika mawani pansi pa mawani ndi mateni pansi pa mateni. Zinandithandiza kudziwa kuti zimenezo sindikufunika kutayirapo nthawi mawa.

Chinthu chimodzi chomwe sindifuna kudzaona m'chikonzero chako ndi mawu oti "ophunzira ndi aulesi" kapena "ana awa ndi osamva". Ngakhale utatopa nawo bwanji. Mawu amenewo sakupatsa chochita mawa m'mawa. Chimodzimodzi "mabuku ndi ochepa". N'zoona, ukhoza kulemba, koma upitirize kuti ndiye utani, kaya ulemba ndimeyo pa tchati, kaya uwakhazika atatuatatu.

Tsopano za kusintha chikonzero, chifukwa ambiri amalemba bwino kumunsiko kenaka n'kutseka buku, mawa n'kupitiriza ngati palibe chomwe chachitika. Chikonzero cha tsiku lotsatira ndinali nditalemba kale, cha kuchotsera manambala a mahandiredi. Ndinachiika pambali, osaching'amba, n'kulemba china. Chiyambi ndinachidula kukhala mphindi 3, funso limodzi lokha. Timitengo ndinatibweretsa koyambirira, gulu lililonse mitolo inayi ndi kamtengo kamodzi, ndiye ndinati "ndipatseni timitengo 8". Ana anayang'anana, chifukwa kapadera kanalipo kamodzi kokha. Kenaka mtsikana wina wa kumbuyo anayamba kumasula mtolo mwakachetechete, akundiyang'ana ngati akuopa kuti ndimukalipira. Ndinamuuza kuti apitirize. Patebulo panatsala mitolo itatu ndi timitengo 11, ndipo anzake anaona okha komwe 3 ndi 11 zija zimachokera. Ndinaonjezanso sitepe yoti azitsimikiza yankho pophatikiza: ngati wapeza 37, phatikiza ndi 18, upeza 55, osati 41, ndiye kuti penapake palakwika. Mafunso oyankha onse pamodzi ndinawachotsa, aliyense amalemba yankho n'kukweza kope.

Ndikuchenjeze za samu yoyesera yomwe ungasankhe, chifukwa inandipusitsapo. Ukapereka 52 − 27, mwana wotembenuza uja apeza 35, ndipo woiwala kuchepetsa mateni uja apezanso 35. Iwe uona 35 ponseponse osadziwa kuti vuto ndi liti. Choncho usanapereke samu, uichite wekha molakwitsa m'njira zonse ziwiri, uone ngati mayankho akusiyana. Tsiku lachiwiri lija ndinapereka 73 − 29. Yankho ndi 44, wotembenuza apeza 56, woiwala apeza 54. Ndinatenganso makope a ana omwe aja 12. Asanu ndi anayi anakhoza, awiri analemba 54, mmodzi 56.

Apa mpomwe umasankha. Dzulo lake olephera anali ambiri, ndiye kalasi yonse inayenera kubwereza, koma mwa njira ina, osati mawu omwewo mokweza. Lero otsalira ndi ochepa, ndiye sungaimitse kalasi yonse. Ndinalemba kuti mawa tipitirira ku mahandiredi, koma anzawo akamachita ntchito ya m'makope ine ndikhala mphindi zisanu ndi kagulu ka otsalirawo, timitengo tili pomwepo. Usaiwalenso kukalemba mu sikimu, ku mbali ya ntchito yomwe yachitika, kuti phunziroli latenga masiku awiri, kuti aliyense woyang'ana aone chifukwa chomwe watsalira ndi tsiku limodzi.

Makope 12 si kalasi yonse, uzikumbukira zimenezo. Amakupatsa chithunzi chabe, ndipo ana oyandikana amakoperana, ndiye ukaona mayankho ofanana pa desiki imodzi, itana mmodzi akufotokozere pakamwa mmene wachitira. Komanso kukhoza lero sikutanthauza kuti zakhazikika. Ine ndimabweza samu yamtundu womwewo m'chiyambi pakatha masiku angapo.

Za nthawi yolembera. Usadikire Lachisanu madzulo kuti udzaze za sabata yonse, pofika pamenepo udzakhala utaiwala kuti 37 anali angati, ndipo ndi mmene amabadwira mawu aja oti "linayenda bwino". Uzikhala ndi pensulo m'manja phunziro lili m'kati. Sitepe ikatha, yang'ana wotchi, ulembe mphindi m'mphepete mwa chikonzero. Mwana akanena yankho lokudabwitsa, lilembe mmene walinenera. Belu likangolira, kapena pa nthawi yopumulira yoyandikira, usandutse tizilemba timeneto kukhala mizere ija. Ukazolowera sizipitirira mphindi zisanu.

Mawa sankha phunziro limodzi lokha, ukonzeretu funso lomaliza loti aliyense achite yekha, utenge makope khumi kapena khumi ndi awiri. Ukalemba unditumizire chithunzi cha tsambalo pamodzi ndi chikonzero cha mkuja, ndione ngati zomwe walemba kumunsi zikuoneka m'masitepe ako.