Musanayambe kuwerengetsera, dziwani kaye dzanja la wolembayo

"Mng'ono wanga amanditumizira chithunzi cha masamu olemba pamanja kuti ndimuthandize. Koma nambala zina sindizizindikira, kaya ndi 1 kaya 7, kaya 4 kaya 9. Kodi ndingoganizira n'kupitiriza?"

Ayi, musangoganizira. Funso lanuli landikhudza chifukwa mwana wa achemwali anga amandivutitsa chimodzimodzi. Mnyamata ameneyu masamu amawatha ndithu, koma 1 wake amamuika kamchira kakatali pamutu moti amaoneka ngati 7 wowerama. Pomwe 4 amatseka pamwamba n'kukhala mozungulira ngati 9. Ndiye amajambula usiku, foni itapendekeka, mthunzi wa dzanja lake utaphimba theka la pepala. Ndinkakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka nambala imodzi kudzaza foni yonse, koma sizinkathandiza. Kukulitsa sikuwonjezera chimene kamera sinagwire, kumangofufumitsa mizere, ndipo kumakuchotserani nambala zoyandikana nazo zomwe zikanakuuzani zoona.

Chimene chinandipulumutsa chinali m'mphepete mwa pepala. Mafunso ake anawaika manambala kuyambira 1 mpaka 10. Pamenepo ndi pamene pali kiyi, chifukwa nambala yotsatira 6 ndi 7 basi, ngakhale ilembedwe moipa bwanji. Choncho muli ndi chitsanzo chotsimikizika cha nambala iliyonse, cholembedwa ndi dzanja lomwelo. Nditayerekeza, ndinaona kuti 7 wake amamudula kamzere pakati, pomwe 1 alibe. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi m'mphepete, kenako deti la pamwamba, ndisanayang'ane funso lililonse.

Tsiku lina ananditumizira funso lomwe linkaoneka ngati 7x + 6 = 48, koma malo atatu anali okayikitsa. Nambala yoyamba ikanatha kukhala 1, yapakati ikanatha kukhala 0 yosatsekedwa bwino, ndipo 48 ikanatha kukhala 98. Ziwiri zoyambazo zinatha msanga. Kawirikawiri aphunzitsi salemba 1x, amangolemba x, ndiponso sapereka funso lophatikiza 0. Yatsala 48 ndi 98. Ndi 48, mukachotsa 6 mutsala ndi 42, kugawa ndi 7 mupeza 6. Ndi 98 mutsala ndi 92, kugawa ndi 7 mupeza 13 n'kutsala 1. Mafunso ena onse papepalapo ankatuluka nambala zathunthu, choncho 48 ndiyo inali yomveka.

Koma apa ndipamene ndimasemphana ndi anthu ambiri. Amati yankho likatuluka lokongola ndiye kuti awerenga bwino. Bodza limenelo. Funso lija likanakhala 2x + 6, nambala zonse ziwiri zikanagawika bwinobwino: 48 ikanapereka 21, 98 ikanapereka 46. Ndipo ngati phunzirolo ndi la madesimo kapena mafulakishoni, yankho losagawika ndilo lofunidwa. Kukongola kwa yankho ndi mboni imodzi chabe, ndipo ine sindiimvera yokha popanda chitsanzo cha dzanja. Munthu amene amasankha nambala chifukwa ikumufewetsera ntchito ndiye kuti wadzilembera funso lake. Choipa n'chakuti mwana amakopera yankho lanu mokhulupirira, osadziwa kuti mwayankha funso lina.

Zizindikiro ndizo zimabisala kwambiri

Nambala yosaoneka bwino imakuchenjezani, mumaima n'kukayika. Chizindikiro chikasowa simudziwa n'komwe. Kamzere kochotsera kakagwera pamzere wa kope, makamaka ka pensulo, kamamira, ndipo −5 amasanduka 5. Fufuzani ngati mzere wa kopewo wanenepa kapena wada pamalo amodzi, komanso ngati pali mpata waukulu pakati pa = ndi nambala. Chizindikiro cha ÷ timadontho take tikakhudza mzere chimaoneka ngati +. Chithunzi chopendekeka chimatsitsanso kanambala kam'mwamba, moti 2³, yomwe ndi 8, imawerengeka 23. Apa musayang'ane kukwera kwake, yang'anani kukula: kam'mwambako kamakhala kakang'ono kuposa inzake. Mtanda wopendekeka ukakhala pakati pa nambala ziwiri ndi wochulukitsa, koma ukamatirira kunambala n'kutsatidwa ndi + kapena =, ndi chilembo x.

Tsono chitani izi. Koperani funsolo pa pepala lanu, muzungulize nambala yokayikitsa, mumutumizire mng'ono wanuyo kuti atsimikize kapena akuwerengereni mokweza. Muuzeni ajambulenso powala, pepala litagona, foni ili pamwamba penipeni. Akapanda kuyankha, werengetserani njira zonse ziwiri ndipo mulembe pamwamba, mwachitsanzo pa funso la 2x + 6 lija, kuti, "Ngati ili 48, x ndi 21, ngati ili 98, x ndi 46."