Mbiri ya agogo pa pepala limodzi: yamba ndi ndondomeko, zaka zibwere pambuyo

Amalume, andipatsa ntchito yolemba mbiri ya malemu agogo pa pepala limodzi kuti tikawerenge tsiku la chiliza. Koma aliyense akunena chaka chake, bilyete yawo, chiphaso cha boma chija, nayo ikunena zina. Ndiyambire pati?

Eya mphwanga, ndamva. Khala pansi, mawuwa atalikirapo pang'ono.

Choyamba, pepala lenileni lija usalikhudze kaye. Ng'amba mapepala awiri a m'kope, uwadule tizidutswa tokwana makumi awiri. Kachidutswa kalikonse kanyamule chinthu chimodzi basi: kubadwa, kupita ku Rodeshiya, ukwati, ntchito ya ku Songo, kuthawira ku Dedza, choncho. Ulembe ndi pensulo. Ukatero uziyale pamphasa, n'kumasuntha mpaka zitsatane bwino. Zaka usavutike nazo panopa. Anthu amakangana pa chaka, koma pa funso loti chinayamba n'chiti, ukwati kapena ulendo, sakangana kawirikawiri. Ndondomeko ikakhazikika, zaka zambiri zimadzipezera malo zokha.

Ndiye ukapita kwa akuluakulu usakafunse kuti chinali chaka chanji. Adzakupatsa nambala pongofuna kuti usabwerere chimanjamanja, iwe n'kulemba. Funsa kuti, pamene agogo ankapita ku Moatize, kumbuyo kwa agogo aakazi kunali ndani? Mwana amene anali kumsana ndiye kalendala yathu, chifukwa ana ambiri ali ndi makadi a ubatizo kapena sedula, chikalata cha kubadwa chija. Funsanso kuti ankalandira eskudo kapena metikali, Samora anali moyo kapena ayi, chimanga chinali m'munda kapena m'nkhokwe. Ndipo uwafunse payekhapayekha. Ukawaika pamodzi, wamkulu akalankhula ena onse angovomera.

Pali zaka zimene sizisuntha, zimenezi ndi zikhomo zako, uzilembe pambali. Ntchito yomanga damu la Kahora Basa inayamba 1969, khoma linatha 1974. Ufulu ndi 25 Juni 1975. Metikali inalowa m'malo mwa eskudo pa 16 Juni 1980. Samora anamwalira pa 19 Okutobala 1986, ndipo chaka chomwecho ndi chimene anthu ochuluka a ku Angoniya kuno anakhamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, chisankho choyamba cha zipani zambiri ndi Okutobala 1994. Zimenezi zakukwanira.

Tsopano tiyeni pa kubadwa, pakuti m'pamene pali mutu wa nkhani. Bilyete ya agogo ikuti 1 Januwale 1948. Ukaona 1 Januwale pa chikalata cha munthu wakale, dziwa kuti nthawi zambiri si tsiku lobadwa. Munthu analembetsa ali wamkulu, wolembayo anangomuyang'ana nkhope n'kuyerekeza chaka, tsiku n'kuikapo loyamba la chaka. Ndiye tiyese 1948 uja ngati angaime. Amayi ako aakulu, oyamba kubadwa, khadi lawo la ubatizo la ku Lifidzi likuti 1964, ndipo anabatizidwa ali khanda. Chotsa 1948 pa 1964, zikutsala zaka 16. Ukhoza kunena kuti chabwino, zimatheka. Koma aliyense akuvomereza kuti agogo asanakwatire anagwira nyengo zitatu za fodya kumafamu a ku Rodeshiya. Ukwati ukakhala cha m'ma 1963, ndiye kuti ananyamuka cha m'ma 1959 kapena 1960, ali ndi zaka 11 kapena 12. Pamene iwo eni ankati chinawathamangitsa kumudzi ndi msonkho. Msonkho sankafunsa mwana wa zaka 12. Waona kuti 1948 wagwa?

Ndiye tifune chikhomo china. Azakhali amakumbukira agogo akusimba kuti ankaweta mbuzi pamene anthu a ku Nyasalande ankabwera kudzasuma pa njala yaikulu. Njala imeneyo ndi ya 1949. Mnyamata woweta mbuzi amakhala wa zaka 7, 8, mwina 9. Bwerera nazo m'mbuyo, ufika pakati pa 1940 ndi 1942. Yesanso ndi ulendo uja: wobadwa 1941 amakhala ndi zaka 18 mu 1959, msinkhu weniweni wa msonkho. Njira ziwiri zosiyana zakumana pamodzi, ndiye pamenepo ukhoza kuponda. Pa pepala ulembe kuti cha m'ma 1941, pambali pake m'zilembo zing'onozing'ono kuti bilyete ikuti 1948. Usafufute cha bilyete. Ku rejisitu, kapena pa nkhani ya penshoni ndi ya malo, amatsata chikalata, satsata zimene tawerengera pamphasa. Mwana wina mawa akadzaona zaka ziwirizi adziwe kuti tinaziona tonse.

Khadi la ubatizo nalo uliwerenge bwino, lili ndi masiku awiri, lobadwa ndi lobatizidwa. Kwa amayi ako aakulu masikuwo ayandikana. Koma munthu amene analowa kalasi ali mnyamata, ubatizo ukhoza kutalikirana ndi kubadwa zaka khumi. Sedulanso chimodzimodzi, tsiku limene lili pafupi ndi chidindo ndi lolembetsa.



Pa maulendo ndi ntchito, vuto lake ndi lina. Kubadwa ndi tsiku limodzi, koma ntchito ili ndi poyambira ndi pothera. Lamulo lake n'lakuti uziika mzere pa chaka choyambira, chothera n'kuchilemba mumzere womwewo. Mwachitsanzo, 1970 mpaka 1974, ntchito yomanga damu, Songo. Ana awiri amene anabadwa mkati mwa zaka zimenezo abwera m'mizere yapansi pake, aliyense pa chaka chake. Ukaika ntchito pa chaka chothera, ana aja aoneka ngati anabadwa bambo asanapite, ndondomeko yasokonekera.

Usasakanizenso kusamuka ndi kupita kuntchito. Agogo ali ku Songo, agogo aakazi ndi ana anali kumudzi. Kumeneko si kusamuka kwa banja. Ukalemba kuti anasamukira ku Songo, wowerenga aganiza kuti ana a nthawi imeneyo anabadwira ku Songo, pamene anabadwira konkuno. Mawu oti anasamuka uwasungire pamene nyumba yonse inanyamuka, monga ulendo wa ku Dedza.

Za ku Moatize palibe pepala, koma azakhali akuti poyamba ankatumiza maeskudo, kenako mametikali. Basi, ntchitoyo yadutsa pa Juni 1980. Inayamba ufulu utabwera kale, inatha asanathawe nkhondo. Ulembe kuti kuyambira pakati pa 1976 ndi 1979, mpaka chisanafike 1986, uike chizindikiro cha funso. Osapeka chaka kuti mzere uoneke bwino. Ndipo zaka za pakati pa Songo ndi Moatize, ngati palibe akudziwa, ulembe mzere woti sitikudziwa. Mpata wolembedwa umachititsa munthu wina kukumbukira tsiku la mwambo lomwelo, pamene ukauphimba palibe adzafunse.

Kubwerera kuchokera ku Malawi n'kumene mwakangana kwambiri mugulu muno, ena 1993, ena 1994. Ine ndikuona kuti nonse mukunena zoona. Mabanja ambiri bambo ankatsogola kukaona munda ndi kumanga kanyumba, mayi ndi ana n'kutsatira atakolola. Funsa kuti anabwera tsiku limodzi kodi? Ngati ayi, imeneyo ndi mizere iwiri. Khadi lovotera la 1994, ngati lilipo m'sutukesi muja, lingotsimikiza kuti pofika nthawi ya kalembera anali atafika kale.

Chenjeranso ndi mawu oti dzinja. Mvula imayamba Novembala kapena Disembala n'kutha Malichi, ndiye dzinja limodzi limaponda zaka ziwiri. Munthu akati tinathawa dzinja, funsa kuti Khirisimasi munadyera kuti. Akati tinanyamuka tikubzala, chaka chikupita kumapeto. Akati tikudya mondokwa, chaka chatembenuka kale.

Maina a malo ulembe mmene ankatchulidwira nthawiyo, latsopano pambali pake. Pa chikalata chakale upeza Vila Coutinho, kumeneko ndi ku Ulongwe konkuno, usayese kuti agogo anakhalako kwina. Mawu oti Halale usawatenge ngati chikhomo. Mzinda wa Salisbury ku Rodeshiya unasinthidwa dzina kukhala Halale mu 1982, koma akuluakulu athu ankati Halale kalekale, ngakhale ponena famu imene ili kutali ndi tauni.

Imfa imaoneka yosavuta chifukwa ndi ya dzana, koma ili ndi masiku atatu. Agogo anatisiya kuchipatala usiku wa 30 Disembala 2021. Tinaika pa 2 Januwale 2022. Setifiketi ya imfa inatuluka Malichi 2022. N'chifukwa chake theka la banja likuti 2022, akukumbukira tsiku la kumanda. Pa mzere wa imfa pakhale 30 Disembala 2021, kuika maliro kukhale mzere wake pansi. Tsiku la setifiketi lisalowe n'komwe. Ndipo uuze wolemba pa chiliza asanagwire simenti, chifukwa pepala umafufuta, koma simenti ikauma yauma.

Tizidutswa tikakhala bwino, uzijambule kaye ndi foni mphepo isanakusokonezere, ndiye utenge pepala la A4 uliimike. Pamwamba dzina lonse, ndi mfunda womwe, ndi dzina lina ngati ankadziwika nalo kuntchito. Ujambule madanga anayi otsika: chaka, chimene chinachitika, malo, ndi kumene wazitenga. Danga lachiwiri likhale lalikulu, mawu asapitirire asanu ndi atatu pa mzere. Danga lomalizalo anthu amalinyozera, koma ndi limene limathetsa mkangano: bilyete, khadi la ubatizo, azakhali, kuwerengera. Mizere isapitirire 18 kapena 20, kupitirira apo pepala silikwana ndipo wowerenga pamwambo atopetsa anthu padzuwa. Ana ngati achuluka, woyamba ndi womaliza akhale ndi mizere yawo, enawo uwaphatikize.

Mwezi uzilemba m'mawu, osati manambala okhaokha, chifukwa 3 ndi 8 wa pamanja amafanana akajambulidwa pafoni. Chaka uzilemba manambala onse anayi.

Ukamaliza uyese chonchi. Pambali pa mzere uliwonse lemba ndi pensulo zaka zimene agogo anali nazo, kuwerengera kuyambira 1941. Rodeshiya 18, mwana woyamba 23, Songo 29, Dedza 45, imfa 80. Werenga kuyambira pamwamba kutsika. Nambala ikabwerera m'mbuyo, mzere wakhala pamalo olakwika. Ikakupatsa bambo wa zaka 13, kapena munthu ali ku Songo ndi ku Moatize chaka chimodzi, bwerera kwa amene anakuuza.

Ukatero utumize chithunzi chake mugulu muno kudakali sabata ziwiri, chikadali cha pensulo. Makamaka azakhali a ku Dedza achione, ndi amene ankasunga makadi a ana nthawi ya nkhondo.