Wa 11.8 ndi wa 33 km/h, wothamanga ndani?

"Ndine kochi wa zothamanga pa sekondale ina yoyendera. Mnyamata wanga amamaliza mamita 100 pa masekondi 11.8, koma mnzake wosewera mpira akumuseka kuti iye apu ya pafoni inamuonetsa 33 km/h. Ine ndikawerengera wangayu ndikupeza 8 yokha ndi kadontho. Kodi ndimasintha bwanji kuti nanenso ndinene za km/h, ndipo wothamanga kwambiri ndani?"

aKochi, imelo yanuyi yandikhudza penapake, chifukwa mkangano womwewu ndakhala ndikuumva kuyambira kalekale ndipo umandinyansa kwabasi. Anthu amatenga manambala awiri osabadwa bere limodzi n'kuwaika pamodzi, kenako mwana amene akulimbikira m'mawa uliwonse amapita kunyumba atagwa ulesi, kuganiza kuti waluza kwa munthu amene sanathamange naye n'komwe.

Zinafika pachimake nthawi ija masamba a mpira anayamba kulemba kuti wosewera wakutiwakuti wafika 38 km/h, ndiye kuti wamuposa Usain Bolt. Nambala ya Bolt imene ankaitchulayo ndi yoona ndithu. Ku Berlin mu 2009 anathamanga mamita 100 pa masekondi 9.58, ndipo mukagawa 100 ndi 9.58 mupeza 10.44 m/s, kutanthauza mamita 10.44 pa sekondi, yomwe ndi pafupifupi 37.6 km/h. Koma imeneyo ndi avereji ya mpikisano onse, kuphatikizapo nthawi imene anali chigwadire pa mabuloko opondapo poyambira kudikira kuti thupi limve mfuti, kuphatikizanso mamita oyambirira aja munthu akadali wowerama kufunafuna sipidi. Pamene anali atayaka moto, pakati pa mamita 60 ndi 80, anadutsa mamita 20 pa masekondi 1.61. Pamenepo ndi 12.42 m/s, kapena tinene 44.7 km/h. Ndiye wa mpira uja amene kachipangizo kamugwira 38 kwa kamphindi kochepa chabe, atayikidwa pambali pa Bolt pa mamita amenewo, akanangoona msana.

Ine ndinena mosabisa, km/h ndi nambala yodzitamira nayo. Imakoma pa wayilesi chifukwa aliyense amadziwa sipidi ya minibasi, munthu akamva 33 amati eee koma ndiye ndi galimoto. Pa thiraki timagwira ntchito ndi mamita ndi masekondi chifukwa ndi zimene tepi ndi wotchi zimatipatsa, ngakhale mphepo imene pa mipikisano. Rekodi ya 100 savomereza ngati mphepo yokankha kumbuyo yadutsa 2.0 m/s, ndipo simudzamva ajaji akunena kuti 7.2 km/h ngakhale ndi chinthu chimodzi.

Zandikumbutsanso masewera a masukulu ena amene ndinapita kukathandiza kugwira nthawi, pa galaundi ya fumbi, mizere yothira phulusa. Mnyamata wina wamtali ndithu anamaliza, wogwira sitopuwotchi anakuwa 10.4, galaundi yonse inasokonekera, atsikana nthungululu, aphunzitsi ena ayamba kale kunena zoti mwanayu apite kunja. Mwana anali wothamangadi, sindikumunyoza ayi. Koma madzulo ake titapeza tepi tinaona kuti mtunda uja anauyeza ndi mapazi, unali cha m'ma 92. Werengani nokha: 100 kugawa ndi 10.4 ndi 9.62 m/s, 34.6 km/h, pomwe 92 kugawa ndi 10.4 ndi 8.85 m/s, 31.8 km/h. Komanso woyambitsa ankaimba wenzulo, wogwira nthawi ali kumapeto uko n'kumadina akamva kulira. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye kuti lisanafike m'khutu mwake mwana anali atapatsidwa kale pafupifupi 0.3 yaulere. N'chifukwa chake ogwira nthawi pamanja amayang'ana utsi wa mfuti, osati kumvera kulira, ndipo ngati mulibe mfuti woyambitsa azigwetsa nsalu kapena mkono nthawi imodzi ndi wenzuloyo. Tsiku limenelo palibe anafuna kumva za tepi, ndinaoneka ngati wansanje basi, mpaka ena anasiya kundilankhula pa chakudya.

Ndipo ngakhale mutayang'ana utsi, chala cha munthu chimachedwa kudina poyamba koma sichichedwa pomaliza chifukwa amamuona wothamanga akubwera. Anthu a zothamanga amawonjezera 0.24 pa nthawi ya pamanja ya mamita 100 kuti ifanane ndi ya makina. Wanuyo wa 11.8, ngati inali ya pamanja, ndi wa 12.04.

Za apu ya mnzakeyo, musaidalire kwambiri. GPS ya mafoni ambiri imatenga malo amene muli kamodzi pa sekondi, ndipo imatha kuphonya ndi mamita angapo. Pa ulendo wa makilomita 10 zimenezo sizioneka, koma pa kuthamanga kwa masekondi anayi okha, kuphonya kamodzi kumakweza nambala ya pamwamba mpaka munthu kudziona ngati mphenzi. Mwina anafikadi 33, anyamata ambiri olimba amafikapo, koma foni ili m'thumba si mboni.

Masamu ake

Kilomita ili ndi mamita 1000, ola lili ndi masekondi 3600, ndiye 3600 kugawa ndi 1000 ndi pamene pachokera 3.6.

```
km/h = m/s × 3.6
m/s = km/h ÷ 3.6
```

Wanuyo: 100 kugawa ndi 11.8 ndi 8.47 m/s, kuchulukitsa ndi 3.6 ndi 30.5 km/h, kapena 29.9 mukatenga 12.04. Mnzakeyo: 33 kugawa ndi 3.6 ndi 9.17 m/s. Mukafuna chidule pa 100, ingogawani 360 ndi nthawi yake. Mukapeza 2 ndi kadontho mwagawa pamene mumayenera kuchulukitsa, mukapeza 118 mwachulukitsa pamene mumayenera kugawa.

Koma 30.5 ndi 33 musazifananize, ina ndi avereji ina ndi ya pamwamba. Yezani onse awiri mofanana. Tengani tepi, muwapatse mamita 30 oti atengere sipidi, kenako muike makoni awiri otalikirana mamita 20, nthawi muyambe kugwira chifuwa chikadutsa koni yoyamba. Gawani 72 ndi nthawi imeneyo, km/h yatuluka. Akadutsa pa 2.10 ndi 34.3 km/h, ndipo mwana wa 11.8 sizingandidabwitse atafika cha pamenepo. Chenjezo ndi lakuti pa mtunda waufupi chonchi chala chimanama kwambiri, 2.0 imapereka 36 pomwe 2.2 imapereka 32.7, kusiyana kwa kuphethira kokha. Ndiye jambulani vidiyo m'malo mwa sitopuwotchi, muime patali pakati pa makoni awiriwo kuti onse aoneke, muwerenge mafulemu, tizithunzi timene timapanga vidiyo, kuchokera koni yoyamba kufika yachiwiri. Ngati foni ikujambula mafulemu 60 pa sekondi ndipo mwawerenga 126, gawani 126 ndi 60, ndi 2.10 yomweyo. Apume mphindi zinayi kapena zisanu asanabwereze, apo ayi mukuyeza kutopa, ndipo mphepo iwombe mbali imodzi kwa onse. Wa mpirayo akakana kubwera, mumuuze mnyamata wanu kuti nkhani yatha.