Chiganizo cha "ngati" chimaletsa chinthu chimodzi chokha

"Zikomo. Ndimakonda mafunso ozunguza mutu, koma mfundo zoyamba ndi 'ngati' zimandigwetsa. Ina inati, 'Ngati nyale A yayaka, B yayakanso.' Nditapeza kuti B yayaka ndinalemba kuti A nayo yayaka, koma yankho linakana. Ndalakwitsa pati?"

Mwayenda chobwerera pa njira yolowera mbali imodzi. Kuyaka kwa A n'kokwanira kuti mudziwe kuti B yayaka: mukangoona A, za B musafunsenso. Kuyaka kwa B n'kofunika kuti A iyake, kutanthauza kuti popanda B, A singayake. Koma chinthu chofunika sichikhala chokwanira nthawi zonse. Nambala iliyonse yogawika ndi 4 imagawikanso ndi 2, komabe 6 imagawika ndi 2 osagawika ndi 4.

Njira imene ndimaidalira ndi iyi. Nyale ziwiri zingakhale m'njira zinayi zokha: zonse zoyaka, zonse zozima, A yoyaka B yozima, kapena A yozima B yoyaka. Mfundo yanu ija ikuletsa imodzi basi, ya A yoyaka B yozima. Zitatu zinazo n'zololedwa. Choncho mukawerenga mfundo ya "ngati", lembani pambali pake chimene yaletsa, ndipo musaiumirize kunena zoposa pamenepo. Mukatero muona kuti imakuthandizani pawiri. A ikayaka, B yayaka. B ikazima, A yazima, chifukwa ikanayaka mukanagwera pa choletsedwa chija. Koma B ikayaka, kapena A ikazima, mfundoyo ilibe chokuuzani.

Tiyeni tiyese pa funso lathunthu. Pali nyale zinayi, A, B, C ndi D, ndipo ziwiri zokha ndi zoyaka.

1. Ngati A yayaka, B yayakanso.
2. C imayaka pokhapokha B itazima.
3. B yayaka.
4. Ngati D yazima, C yayaka.

Yambani ndi mfundo 3, poti ndi yokhayo yosadalira ina. B yayaka, ndiye maso amathamangira ku mfundo 1. Ilekeni, ilibe ntchito pano. Pitani ku mfundo 2, imene ikuletsa C ndi B kuyakira limodzi. B yayaka kale, choncho C yazima. Mfundo 4 ikuletsa D ndi C kuzimira limodzi, ndiye poti C yazima, D iyenera kukhala yoyaka. Ziwiri zija zakwana: B ndi D. A yazima, ndipo mfundo 1 sinaphwanyidwe, chifukwa sinalonjeze kalikonse za nthawi imene A ili yozima.

Mukanayatsa A, ziwiri zanu zikanakhala A ndi B, D n'kukhala yozima. Mfundo 4 ikanafuna kuti C iyake, pamene mfundo 2 ikukana. Umu ndi mmene cholakwikachi chimaonekera: mfundo zimene zikuwombana si zimene munaziwerenga molakwa, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti funsolo linalembedwa molakwika. Zikawombana chotere, bwererani pa chilichonse chimene mwalemba n'kudzifunsa kuti, "Ndikanalemba chosiyana ndi ichi, ndikanaphwanya mfundo iti?" Mukasowa yoitchula, ndiye kuti munangoganizira.

Mfundo 2 ikufunika kuiona bwino, chifukwa "pokhapokha" amatembenuza zinthu. Chimene chabwera pambuyo pa "ngati" n'chokwanira, koma chobwera pambuyo pa "pokhapokha" n'chofunika chabe. Kuzima kwa B kumangotsegulira C mpata woyaka, sikuiyatsa. B ndi C zikhoza kuzima zonse popanda vuto. Pocheza timamva mosiyana. Munthu akati, "Ndibwera pokhapokha mundiitane," timayembekezera kuti tikamuitana abweradi. M'mafunso awa lonjezo limenelo palibe, kupatula ngati wolemba wanena poyera kuti mfundoyo ikugwira mbali zonse ziwiri. Zikatero zoletsedwa zimakhala ziwiri, ndipo kubwerera kumaloledwa.

Msampha umenewu unafufuzidwa kale. Mu 1966 katswiri wa kaganizidwe ka anthu, Peter Wason, anafalitsa mayeso a makadi anayi, lililonse lokhala ndi lembo mbali ina ndi nambala mbali inayo. Tinene kuti mukuona E, K, 4 ndi 7, ndipo lamulo likuti ngati khadi lili ndi E, kuseri kwake kuli nambala yogawika ndi 2. Mutembenuza ati kuti mutsimikize lamulolo? Ambiri amasankha E ndi 4. Koma kuseri kwa 4 kukhale lembo lililonse, lamulo silithyoka. Choletsedwa ndi E pamodzi ndi nambala yosagawika ndi 2, ndipo chimenechi chingabisale kuseri kwa E kapena kwa 7. Amenewo ndiwo oyenera kutembenuza. Khadi la 4 lili ngati B yanu yoyaka ija: likugwirizana ndi lamulo, koma silikuuzani chimene chili kuseri kwake.