Nthawi yoika positi kuno ku Kasungu

"Ndimagulitsa kaunjika pa Facebook ndi WhatsApp, koma ogula anga amakhala kuntchito kapena kusukulu tsiku lonse. Ndiziika nthawi yanji?"

Achemwali, yesani m'ma 12 koloko masana, anthu akapumira nkhomaliro, kapena 7 koloko madzulo akadya nsima. Ine ya madzulo ndi imene imandigwirira. Ndikaika zithunzi 9 koloko m'mawa, anthu amangoona mobisa bwana asawaone, osafunsa mtengo, ndipo pofika madzulo positi yakwiririka.

Status ya WhatsApp imakhala maola 24, choncho mukaika madzulo, odzuka m'mamawa aipezabe.

Katundu wabwino musungireni kumapeto kwa mwezi, aphunzitsi ndi anamwino akalandira. Lamlungu m'mawa musavutike, anthu ali kutchalitchi. Yesani milungu iwiri, muziwerenga ofunsa mtengo, osati ongoona.