Yambani ndi msika, foni ibwere pambuyo

"Azimayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Pakhomo tilipo anthu 6, filiji tilibe, timaphika pa mbaula. Ndatopa kudzuka m'mawa uliwonse ndikudzifunsa kuti lero ndiwo zikhala chiyani, ndipo ndalama ya chakudya ikumatha mwezi usanathe. Pali pulogalamu ya pa foni yomwe ingandithandize kukonzeratu zophika za sabata yonse ndi zinthu zotchipa za nyengo yake?"

Asisi, ilipo, koma mwina si imene mukuiganizira. Ine ndimagwiritsa ntchito Google Keep, pulogalamu yolembamo zinthu, pokonza sabata, ndipo SuperCook ndimaitsegula pokhapokha chinthu chimodzi chikachuluka m'nyumba. Ndifotokoze chifukwa chake.

Mapulogalamu ambiri okonzera chakudya cha sabata amayamba ndi kukusankhitsani zakudya pa zithunzi, kenako amakulemberani zoti mukagule. Zimenezi zimayenda kwa munthu wogula m'sitolo yaikulu momwe chilichonse chimapezeka chaka chonse. Ndinayesapo ina yotere mwezi wa Febuluwale. Inandilembera zakudya zinayi zodalira tomato wambiri, pomwe nthawi ya mvula tomato amasowa ndipo kamulu kake kamadula. Nkhwani, bonongwe ndi chisoso, zomwe zinali mbwee pamsika, sinazitchule n'komwe. Ambiri mwa mapulogalamuwa anapangidwira ku Ulaya ndi ku Amereka, komwe Juni ndi Julayi ndi miyezi yotentha pomwe ife tikuotha moto, ndiye akakuuzani kuti chakuti chili pa nyengo yake musamvere. Amaganizanso kuti muli ndi filiji ndi uvuni.

Ndiye chitani chonchi. Mu Google Keep tsegulani tsamba limodzi, mulembe masiku asanu ndi awiri, koma osalemba dzina la ndiwo. Lembani mtundu wake basi: apa zanyemba, apa nsomba zouma, apa mazira kapena soya, ndipo tsiku lililonse masamba. Dzina lenileni mukalemba mutaimirira pamsika, mutaona chimene chachuluka. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati amayi asanu atsatizana akugulitsa chinthu chimodzimodzi, miyulu ndi yaikulu ndipo basera akuika musanapemphe, chimenecho ndiye cha sabata ino. Tsamba lachiwiri likhale la zogula, muliike timabokosi tochonga. Keep ndi yaulere, imatseguka ngakhale bandulo itatha, ndipo mukadina `Collaborator` n'kuika imelo ya bambo a kunyumba kapena mwana wamkulu, nawonso amaona mndandanda womwewo pa foni yawo, bola mafoni onse awiri akalowe pa intaneti. Sabata ikatha, `Uncheck all items` imabwezeretsa mndandanda wonse, simulembanso sopo ndi mchere kachiwiri.

Popeza filiji mulibe, chimene chimasankha kuti ndiwo iti igwe tsiku liti ndi kufulumira kwake kuonongeka. Nachi chitsanzo cha sabata ya mu Julayi, msika waukulu mutapita Loweruka. Nthawi imeneyi mpiru, repu, chainizi ndi kabichi za kudimba zimachuluka, tomato watsika, mbatata ndi mtedza zangokololedwa kumene, nandolo wamuwisi wayamba kufika, manachesi aliponso. Loweruka ndi Lamulungu idyani zofota msanga: chainizi ndi mpiru, ndipo ngati muli ndi ya kanyama kapena nsomba yaiwisi, iphikidwe tsiku lomwe mwagulalo. Nandolo wa m'makoko asapitirire Lolemba. Repu amapirira masiku awiri kapena atatu mukamuika pamthunzi mutamukulunga m'nsalu yonyowa, ndiye wa Lachiwiri, wotendera ndi nsinjiro, pambali pake usipa. Kuyambira Lachitatu mpaka Lachisanu zitsale zolimba: kabichi, yemwe mutu wake wosadula umatha sabata, nyemba zouma, soya, mazira. Tomato gulani miyulu iwiri yosiyana, wina wakupsa wa masiku oyamba, wina wongoyamba kufiira wa kumapeto. Ngati Lachinayi lililonse mukupeza masamba achikasu m'basiketi kapena tomato wotuluka madzi, dziwani kuti vuto si kuchuluka kwa ndalama, mwasokoneza ndondomeko ya masiku kapena mwagula zofewa zambiri nthawi imodzi.

Pa nyemba ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe makala amathera. Anthu 6 theka la kilo limakwana chakudya chimodzi, ndiye kilo imodzi ndi masana ndi madzulo. Mu Keep ikani chikumbutso cha usiku wa dzulo lake choti muviike nyembazo m'madzi. Zoviikidwa usiku wonse zimapsa msanga, makamaka zikakhala za chaka chomwecho. Zakale zimalimba ngakhale muviike. Zikapsa gawani pawiri musanaike tomato ndi anyezi. Gawo la masana likonzeni, la madzulo lisiyeni lovundikira ndi mchere wokha, ndipo madzulo liwire ndithu, osati kungofunditsa, ndiye muikemo kabichi kapena nsinjiro kuti lisafanane ndi la masana. Mu Okutobala, dzuwa litakwiya, musagoneke nyemba zophika. Zikayamba thovu kapena kafungo kowawasa, tayani, kuwiritsa sikuzibweza.

Tsopano SuperCook. Ntchito yake ndi yosiyana: mumalembamo zimene muli nazo, iyo n'kukuonetsani zimene mungaphike nazo. Imathandiza pamene achibale akutumizirani thumba la mbatata kuchokera kumudzi ndipo ana atopa ndi yophika. Mayina muyenera kulemba m'Chingerezi: mbatata ndi `sweet potato`, nandolo ndi `pigeon peas`, therere lobala ndi `okra`, mtedza ndi `peanuts`. Lembani zinthu zinayi kapena zisanu zokha zomwe mulidi nazo. Mukalemba nandolo mudzaona maphikidwe ambiri a ku India, ndipo n'zomveka, chifukwa nandolo wathu wambiri wa kummwera amagulitsidwa komweko. Ambiri mwa maphikidwewo amatheka pa mbaula ndi anyezi, tomato, adyo ndi ufa wokometsera ndiwo wa `curry`. Chenjezo langa ndi la bandulo: pulogalamuyi imafuna intaneti, ndipo mukadina chakudya imakutumizani ku masamba ena odzadza zithunzi ndi malonda. Mukapeza chimene chakukomerani, koperani mawu ake mu Keep kamodzi, musabwererenso. Mukaona `cup`, ndi pafupifupi mamililita 240, ndipo onani kuti alembera anthu angati, chifukwa nthawi zambiri ndi ochepa kuposa a pakhomo panu. Zofuna uvuni ingozidumphani.

Chimene chadzandithandiza kwambiri m'kupita kwa nthawi ndi tsamba lachitatu, la mitengo. Mukachoka pamsika lembani tsiku, chinthu ndi mtengo wa mulu, mizere isanu basi. Pakatha chaka mudzakhala ndi kalendala ya msika wanu weniweni, yomwe palibe pulogalamu ingakupatseni, chifukwa ngakhale Lilongwe ndi Mzuzu sizitchipa nthawi imodzi. Kalendala imeneyi ndi yomwe imakuuzani nthawi yofutsa. Mu Febuluwale ndi Malichi, nkhwani, chitambe ndi khwanya zikachuluka, ziwiritseni pang'ono, muziyanike mpaka ziziphwanyika m'manja, musunge pouma. Mfutso umenewo udzadzaza mipata ya masamba mu Okutobala ndi Novembala. Tomato naye mumudule mapisi n'kumuyanika mu Ogasiti kapena Sepitembala, dzuwa lilipo ndipo mtengo uli pansi, kuti Januwale akadzafika muzidzangotapa m'botolo.

Sabata yoyamba musalembe zambiri. Tsamba la masiku ndi la zogula n'zokwanira, ndipo Lachisanu madzulo mulembe pansi pake chimene chatsala ndi chimene chaola, kuti Loweruka mukachepetse mulu wa chimenecho.